Kiyi wa mabiti 2048, mbewu ya mabiti 15

Zimandiwawa kuona anthu akudalira kiyi wotetezera uthenga chifukwa choti ndi wautali, osafunsa kumene anachokera. Pulogalamu yopanga manambala achisawawa sichita maere ayi, imangowerengera masamu. Mukaipatsa nambala yoyambira, imene timaitcha mbewu, imatulutsa mndandanda womwewo nthawi zonse. Ndiye wakuba wanzeru salimbana ndi kiyi, amasaka mbewu.

Onani mzere uwu, umene ukupezekabe m'mapulogalamu ambiri:

```
srand(time(NULL));
```

Apa mbewu ndi nthawi ya pa wotchi. Chaka chili ndi masekondi 31,536,000, amene ndi pafupifupi mabiti 25. Kompyuta yoyesa mbewu miliyoni imodzi pa sekondi imamaliza chaka chonse m'masekondi 32. Wakubayo akadziwa tsiku limene kiyi anapangidwa, zimamutsalira mbewu 86,400 basi. Ena amaganiza kuti kudutsitsa nthawiyo mu SHA-256, njira ya masamu yosakaniza manambala, kuthetsa vuto. Sikuthetsa. Zotuluka zioneka zosakanizika bwino, koma chiwerengero cha mbewu sichikwera, ndipo wakuba adutsitsa mbewu zake mu SHA-256 momwemo.

Netscape, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, inagwa m'mbuna imeneyi mu 1995. Ian Goldberg ndi David Wagner anapeza kuti mbewu yake inkachokera ku nthawi, nambala ya pulogalamu imene ikuyenda, ndi nambala ya pulogalamu imene inaiyambitsa.

Koma nkhani imene ndimafuna wolemba mapulogalamu aliyense aidziwe ndi ya Debian, mtundu wina wa Linux. Mu 2006, wosamalira OpenSSL, pulogalamu yopanga makiyi ndi kuteteza mauthenga, kumeneko anachotsamo mizere iwiri pofuna kuthetsa machenjezo a Valgrind, chida chofufuzira zolakwika m'mapulogalamu. Umodzi mwa mizereyo ndi umene unkathira zachisawawa zenizeni mu mbewu. Chimene chinatsala ndi nambala ya pulogalamu yokha, yomwe sinkapitirira 32,768, kapena kuti mabiti 15. Choncho pa mtundu uliwonse wa kiyi, kukula kwake ndi mtundu wa makina, makiyi otheka anali pafupifupi 32,767, ochepa moti munthu akhoza kuwapanga onse n'kuwasunga. Luciano Bello anatulukira vutoli mu Meyi 2008, makiyi a SSH ndi SSL a pa Debian ndi Ubuntu atapangidwa motero kwa miyezi yoposa 18.

Choopsa n'chakuti kiyi wotere saonetsa matenda. Kutalika kwake ndi koyenera, amatseka ndi kutsegula bwinobwino. Chizindikiro chimaoneka makina awiri osagwirizana akapezeka ndi kiyi mmodzi, kapena mukamuyerekeza ndi mndandanda wa makiyi odziwika kuti ndi ofooka, monga inkachitira `ssh-vulnkey`. Kukonza pulogalamu sikuchiritsa kiyi wakale: muyenera kupanga watsopano, n'kuchotsa wakaleyo mu `authorized_keys` pa seva iliyonse imene munamuikapo.

Popanga kiyi, tengani manambala ku `getrandom()` pa Linux, ndipo mu Python gwiritsani ntchito `secrets`, osati `random`:

```
import secrets
secrets.token_bytes(32)
```