Wodwala musamumwetse dzira losaphika

Pali chizolowezi china chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri. Munthu akafooka ndi matenda, mayi akakhala woyembekezera, kapena mwana akayamba kuwonda, abale amathamangira kuswera dzira laliwisi mu mkaka, ati amwe kuti magazi abwerere. Amachita izi chifukwa cha chikondi, ndikudziwa. Koma anthu amene timawamwetsa dzira lotereli ndi omwewo amene tizilombo ta salimonela, toyambitsa matenda otsegula m'mimba, tingawaphe.

Ambiri timaganiza kuti dzira likakhala loyera kunja, losasweka, ndiye kuti m'kati mulibe vuto. Si choncho ayi. Pali mtundu wa salimonela umene umakhala m'thupi la nkhuku, m'malo momwe dzira limapangidwira. Tizilomboti timalowa m'dzira chigoba chisanapangidwe n'komwe, ndiye chigobacho chimadzakuta dzira lomwe lili kale ndi tizilombo. Nkhukuyo siyioneka yodwala. Imadya, imatetera, imaikira bwinobwino. Dziralo silinunkha, silisintha mtundu, ndipo njira ija yoliika m'madzi kuti tione ngati liyandama imangotiuza ngati lakhalitsa, osati ngati lili ndi tizilombo.

Njira ina ndi ya zitosi. Dzira limatulukira pamalo pomwe pamatulukiranso zitosi, kenako limagona m'chisa kapena m'khola momwe makoswe amayendamo usiku, ndipo makoswe amafalitsa salimonela. Chigoba chili ndi timabowo tosaoneka ndi maso, totsekedwa ndi kachikuto kopyapyala. Mukalitsuka dziralo n'kulisunga, mwachotsa kachikutoko, ndipo madzi ozizira amatha kukokera tizilombo m'kati. Choncho la zitosi lipukuteni ndi kansalu kouma, muliphike msanga, musambe m'manja ndi sopo. La mng'alu musagule ngakhale akutsitsireni mtengo. Ndipo mawu akuti "awa ndi a nkhuku zachikuda, alibe kanthu" tiwasiye, chifukwa nkhuku yoyendayenda imatola zilizonse pabwalo.

Si dzira lililonse lili ndi tizilombo, ambiri alibe. N'chifukwa chake wina amati wakhala akumwa aawisi kuyambira kale osadwala. Koma taganizani za dzira limodzi lomwe linaikiridwa lili ndi tizilombo tochepa, n'kukhala pa thileyi padzuwa la Okutobala kwa masiku angapo. Kutentha kumafooketsa kachikopa kotchinga chachikasu chija, tizilombo timafika pachakudya chambiri, n'kuswana kwadzaoneni. Mnyamata wamphamvu akalimwa, pakadutsa maola 6 mpaka masiku 6 amayamba kupotokola m'mimba, kutsegula ndi kutentha thupi, ndipo nthawi zambiri amachira pakatha masiku 4 mpaka 7. Dzira lomwelo likapita kwa mwana wa chaka chimodzi amene wangochira malungo, nkhani yake ndi ina. Madzi amamuthera m'thupi mofulumira, ndipo tizilombo titha kuchoka m'matumbo n'kulowa m'magazi.

Zimenezi si za mayiko akunja okha. Madokotala a ku chipatala cha Gulupu ku Blantyre akhala akupeza kwa zaka zambiri kuti salimonela ndi imodzi mwa tizilombo topezeka kawirikawiri m'magazi a akuluakulu omwe ali ndi kachilombo koyambitsa Edzi, komanso a ana odwala malungo, ochepa magazi ndi onyentchera. Sikuti onsewo anaitenga m'mazira, njira zake n'zambiri. Koma zikutionetsa amene thupi lawo silingalimbane nayo. Ndiye ana osakwana zaka 5, amayi oyembekezera, agogo athu a zaka 65 kupita m'tsogolo, amene chitetezo cha m'thupi chinatsika, odwala shuga ndi amene akulandira mankhwala a khansa, onsewa asadye dzira lomwe chachikasu chake chikuyenderera. Asanyambitenso zotsalira m'mbale yokandiramo keke, kapena kudya mayonezi opangira pakhomo ndi dzira laliwisi.

Sindikunena kuti muwamane mazira. Apatseni, amafunika ndithu, koma apse. Lowiritsa likhale pamoto mphindi 10 madzi atayamba kubwata. Lokazinga litembenuzidwe mpaka choyera ndi chachikasu zonse zilimbe, ndipo pachiwaya pa tchipisi muuzeni wokazingayo kuti asafulumire kuphula. Amene amaopa kuti moto umapha mphamvu ya dzira adziwe kuti thupi limatenga zomanga thupi zambiri m'dzira lophika kuposa m'laliwisi.

Wina mwa anthu ndatchulawa akayamba kutsegula m'mimba, m'patseni madzi a Thanzi nthawi yomweyo. Mukaona magazi m'chimbudzi chake, thupi latentha kwambiri, akusanza chilichonse, kapena mwana wasiya kukodza ndi kuyamwa, musadikire kuti kuche. Pitani naye kuchipatala, ndipo mukawauze adokotala zimene anadya.