Mwana wofunsa kuti "Mwagula chiyani?" sanalakwe kalikonse

Ndakwiya, ndipo sindibisa. Mwana wa achimwene anga, wa Fomu 2 pasukulu ina kuno ku Kasungu, analemba m'kope kuti You bought what? Aphunzitsi kumuchongera kuti walakwa, palibe vuto, pamayeso amafunadi What did you buy? Koma kuimirira pamaso pa kalasi yonse n'kumati vuto ndi Chichewa, ati n'chobwerera m'mbuyo chifukwa chimaika funso kumchira? Zimenezo ayi, aphunzitsi. Safunsa anadya phula.

Chichewa sichiika funso kumchira. Chimaika liwu lofunsira pamalo pomwe yankho lidzakhale. "Amalume agula chimanga." "Amalume agula chiyani?" Chiyani wakhala pampando wa chimanga, sanasunthe. "Akupita ku Santhe." "Akupita kuti?" Chimodzimodzi. Dongosolo loposa pamenepa mulifuna lotani?

Chingerezi ndiye chimene chimanyamula liwu lofunsira kuchoka kwawo n'kukaliika kutsogolo kwa chiganizo. Ndipo likachoka, pamalopo sipatsekeka. Akatswiri a kapangidwe ka ziganizo amati patsala phazi la liwulo, losamveka m'khutu koma lilipo, ndipo polemba amaikapo kachilembo ka t: What did you buy t? Mukufuna umboni? Yesani kuikapo chinthu china. What did you buy maize? Chiganizo chafa pomwepo, chifukwa malo a chinthu chogulidwa ali kale ndi mwini wake ngakhale simukumumva. Ndiye kuti wa Chingerezi amamva liwu koyambirira, koma tanthauzo lake amakalitola kumapeto, kuja komwe ife tinalisiya osalivutitsa. Yankho lake naye amaliika komweko: I bought maize.

Ndiye wobwerera m'mbuyo ndani apa? Palibe. Ndi njira ziwiri basi. Chitchaina sichisuntha liwu lofunsira. Chijapani sichisuntha. Chiswahili cha anzathu a ku Tanzania sichisuntha. Chibugariya chimakokera mawu onse ofunsira kutsogolo, akhale awiri kapena atatu, pamene Chingerezi chimasuntha limodzi lokha. Kodi anthu a ku China nawonso tiwauze kuti chiyankhulo chawo n'chosalongosoka? Zinalembedwa kale izi. Pulofesa Sam Mchombo, Mmalawi mnzathu, anatulutsa buku lonse la kapangidwe ka ziganizo za Chichewa mu 2004, ndipo nkhani ya mafunsoyi ilimo. Mwina mabuku otere safika m'masukulu mwathu, chabwino, koma zimenezo sizipatsa munthu chilolezo chonyoza.

Chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti kusasunthaku kumatipatsa mafunso amene Chingerezi chimalephera chikasuntha liwu lofunsira. Tinene kuti mnzanu akukuuzani kuti anakumana ndi munthu amene anaba njinga, inu simunamve bwino chobedwacho. Mumangofunsa kuti, "Munakumana ndi munthu amene anaba chiyani?" Zatha. Wa Chingerezi ayese kutulutsa liwu lake m'kati mwa chigawo choyamba ndi "amene" chija: What did you meet the man who stole? N'zosamveka. Katswiri wa ziyankhulo John Ross anasonyeza mu 1967 kuti pali zigawo za chiganizo zimene liwu silingatulukemo, anazitcha zilumba, ndipo chigawo cha "amene" ndi chimodzi mwa izo. Liwu likatuluka mokakamiza, phazi lake limatsala m'kati mosalumikizika nalo. Ife vuto limenelo tilibe, poti chiyani wathu sanatuluke n'komwe.

Wina andiuza kuti nanga "N'chiyani chimene mwagula?" si kutsogolo kumeneko? Mvetserani bwino. Muli "ndi", mulinso "chimene". Chimenecho ndi chiganizo chomangidwa mwa mtundu wina, chotsindika, ngati kunena kuti "ndi chimanga chimene ndagula". Chotsani mawu awiriwo mutsale ndi "Chiyani mwagula?", muone ngati agogo anu a ku Chamama sakuyang'anani kawiri.

Mwana uja sanaganize mopotoka. Anatenga lamulo labwinobwino la kwawo n'kuligwiritsa ntchito kwa eni. Chofunika chinali kumuuza kuti mwanawe, m'Chingerezi nyamula liwulo upite nalo kutsogolo, pamalo pake usaikepo kanthu. Mphindi ziwiri zokha pabolodi. M'malo mwake mwana wabwera kunyumba akuchita manyazi ndi mmene amayankhulira amayi ake.

Nanga awa a mabungwe obwera ndi mapepala a kafukufuku m'midzi? "Kuti mumagulitsa fodya wanu?" "Liti munalandira feteleza?" Mlimi angokhala kukamwa yasa, iwo n'kulemba kuti sanamvetse funso. Analilemba ndani funso limenelo?