Si khwinya lililonse la pa chithunzi lomwe ndi lofunika kusita

Sabata yatha kusitudiyo kwathu ku Chilenje kunabwera mayi wina ali ndi zithunzi ziwiri za mayi ake. China chinali pa foni, chojambulidwa pa chilanga mulilo cha mdzukulu ku Matero, mwambo womwe umachitika ukwati usanafike. China chinali chomwecho, koma chokulitsidwa, chokonzedwa ku situdiyo ina ya m'tauni, chili kale m'fuleme. Anachiika patebulo n'kunena kuti, “Achimwene, nkhope ndi ya amama ndithu, koma ovalawa si iwo.” Nditaziyang'ana zonse ziwiri ndinamvetsa. Bulauzi yoyera inali itasalala ngati chikwama chapulasitiki, popanda ulusi wooneka, ngakhale m'khwapa mopanda mpindo. Chitambala, chomwe ena timati duku, anachiwongola mwakuti chinakhala pamutu ngati chisoti.

Ine maganizo anga ndi akuti wokonza chithunzi azichotsa zomwe tsikulo linachita pa chovala, koma asamakhudze zomwe thupi la munthu likuchita, kapena zomwe mwini wake anasankha. Ambiri amene tikugwira ntchitoyi tikusakaniza zinthu zitatuzi, ndipo zimandipweteka chifukwa zithunzi zambiri zomwe amatibweretsera ndi za pakhoma la pabalaza, zina ndi za anthu amene sadzajambulidwanso.

Makwinya ali mitundu iwiri. Pali obwera chifukwa chovala chinapindidwa m'chikwama, kapena munthu anapanikizika mu minibasi kuchokera ku Chawama, kapena magetsi anazima asanasite. Amene tinali mu Lusaka mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, tikukumbuka momwe nsimbi zamakala zinabwererera m'nyumba. Makwinya otere amadziwika msanga: ndi mizere yakuthwa, yowongoka, nthawi zambiri yopingasana ngati mtanda, ndipo sagwirizana ndi momwe munthu wakhalira. Ndiye pali mipindo ya thupi, yomwe imayambira pomwe nsalu yakokedwa kapena yapanikizika, monga m'khwapa, pachigongono, pabatani, n'kumwazika ngati nthambi. Mipindo imeneyi ndiyo imatiuza kuti m'kati mwa chovala muli phewa ndi mkono. Mukaichotsa munthu amaoneka ngati wodulidwa pakatoni.

Pa bulauzi ya amayi aja panali mizere itatu ya m'chikwama, iwiri yotsika kuchokera m'mapewa ndi umodzi wopingasa pamimba. Imeneyo yokha ndiyo inali yoti ndiichotse.

Choyamba ndinapempha chithunzi chenichenicho kwa mdzukulu amene anajambula, kuti achitumize pa WhatsApp ngati Document. Chikatumizidwa mwachizolowezi chimachepetsedwa ndipo ulusi wa nsalu umafafanizika, pomwe chithunzi cha A4 chosindikizidwa pa madontho 300 pa inchi chimafuna mapikiselo 2480 kwa 3508. Chomwe chinabwera chinali cha 4000 kwa 3000, chokwanira bwino.

Khwinya pa chithunzi si kanthu kena koma kuwala ndi mthunzi zogundizana: mbali yoyang'ana kuwala imayera, mbali inayo imada. Ulusi wa nsalu uli pamwamba pa zonsezi ndipo sunalakwe. Amene anakonza koyamba uja anafafaniza zonse pamodzi, n'chifukwa chake bulauzi inasanduka pulasitiki. Njira yabwino ndi kulekanitsa ziwirizi. Mu Photoshop ndimapanga makope awiri a chithunzi ndi Ctrl+J, osanjikizana lina pamwamba pa linzake, omwe timati maleya. Kope lapansi ndimalipatsa Gaussian Blur, ndikukweza Radius pang'onopang'ono mpaka ulusi utasowa koma khwinya likuonekabe. Pa chithunzi ichi ndinaima pa 7. Nambala imeneyi si lamulo, imasintha ndi kukula kwa chithunzi komanso kukhakhala kwa nsalu, choncho muziyang'ana nsalu osati nambala. Pa kope lapamwamba ndimatsegula Image > Apply Image, ndipo chithunzi chikakhala cha 8-bit ndimaika izi:

```
Layer: (kope lapansi)
Blending: Subtract
Scale: 2
Offset: 128
```

Kenako kope lapamwambalo ndimalisintha kukhala Linear Light. Mukachita bwino, chithunzi chimaoneka ndendende monga chinalili poyamba. Chikasintha mtundu kapena kuwala, ndiye kuti penapake mwaphonya, bwererani musanapitirire.

Tsopano ntchito imachitikira pa kope lapansi, ndi Mixer Brush yofewa, yosatenga utoto, Wet ndi Flow zili cha pa 20%. Ndimakoka motsatira momwe nsalu ikugwera, kuchoka pamalo osalala kulowa pa khwinya, ndipo sindidutsa m'mphepete mwa chovala, chifukwa kuyera kwa bulauzi kukalowa pa khungu la mkono kumasiya chifunga chomwe diso limagwira msanga. Mthunzi wa khwinya ukatha pamatsala kamzere kopyapyala pa kope lapamwamba, pomwe nsalu inathyoka. Kameneko ndimakaphimba ndi Clone Stamp, Sample ili pa Current Layer, kutenga ulusi wapafupi woyenda mbali imodzimodziyo. Mizere itatu ija inanditengera pafupifupi mphindi 25. Mipindo ya m'khwapa ndinangoifewetsa pang'ono, sindinaichotse.

Chitenge ndi nkhani ina, ndipo apa ndi pomwe ambiri timaonongera. Njira yomweyo pa nsalu yamaluwa imasakaniza mitundu, chofiira chimalowa mu chachikasu, maluwa amaoneka ngati asukuluka m'madzi. Pa chitenge chomwe amayi aja anamanga m'chiuno ndinagwiritsa Curves ziwiri, ina yowalitsa ina yodetsa, zonse zitabisidwa ndi Ctrl+I pa Layer Mask yake. Ndi burashi yoyera, Flow ili pa 2%, ndinawalitsa mbali yakuda ya khwinya ndi kudetsa mbali yowala, mpaka zinafanana. Maluwa sasuntha ngakhale pang'ono chifukwa mukusintha kuwala kokha. Imachedwa, inde. Komanso ili ndi malire: pomwe nsalu inapindika kwambiri n'kumeza theka la duwa, theka limenelo pa chithunzi palibe, ndipo kuwalitsa sikungalibweze. Pamalo otere ndimachepetsa mthunzi n'kusiya mpindowo.

Kolala inali ndi vuto lenileni. Nsonga ya kumanzere inadzuka chifukwa cha lamba wa kachikwama, moti inkaloza kukhutu. Mwini wake akanadziona pagalasi akanaigoneka, choncho kuikonza ndi kumuthandiza. Njira yachidule yomwe ndimaiona kawirikawiri ndi kukopera nsonga ya kumanja, kuitembenuza n'kuimata kumanzere. Musatero ngati nsalu yeniyeni ikuoneka. Pa chithunzichi kuwala kunkachokera pakhomo, kudzanja lamanja, ndiye nsonga yotembenuzidwa imabwera ndi mthunzi wake uli mbali yolakwika, ndipo mbali ziwiri zofanana ndendende pa munthu wamoyo sizichitika. Ine ndinadula nsonga yodzukayo ndi Pen Tool, kuiika pa leya yakeyake, n'kutsegula Edit > Puppet Warp. Ndinakhoma mapini awiri pa msoko wa m'khosi kuti pasasunthe, pini yachitatu pa nsonga, n'kuitsitsa mpaka itagona paphewa. Pomwe inachokapo panatsala kolala yakale pa chithunzi cha pansi pake, ndipo ndinaiphimba ndi khoma lapafupi komanso khungu la khosi. Chomaliza ndi chomwe anthu amaiwala: kamthunzi kopyapyala pansi pa nsonga, pa leya ya Multiply, mtundu wake wotengedwa pa mthunzi wa nsonga inayo. Popanda kamthunzi kameneko kolala imayandama.

Tifike pa chitambala. Pa chithunzi choyambirira chinali chopendekera, chotsika kumanzere, mfundo ili kuseri kwa khutu la kumanja. Diso la wokonza limathamangira kunena kuti chasokonekera. Ndinafunsa mwana wawo uja kuti, “Amayi, kodi chinatsetsereka povina, kapena amamanga chonchi?” Anandiyankha kuti, “Kuyambira ndili mwana amamanga choncho. Ngakhale pagulu la amayi kutchalitchi timawazindikira ali kumbuyo chifukwa cha mfundo imeneyo.” Funso limeneli silitenga ngakhale mphindi imodzi, koma amene anakonza koyamba sanalifunse, ndipo anachotsa chinthu chomwe ana ndi adzukulu amawadziwira.

Sindikunena kuti chitambala sichikonzedwa. Pa ichi chomwe panali kansonga komwe kanasomphoka pamwamba pa mutu, ndi mphepete yomwe inafufuma mbali imodzi. Ndinasandutsa leya kukhala Smart Object kuti ndithe kubwerera, n'kutsegula Filter > Liquify. Nkhope yonse, khutu ndi ndolo ndinazipaka Freeze Mask Tool kuti zisasunthe. Kenako ndi Forward Warp Tool, burashi yaikulu kuposa chotupacho, ndinakankha pang'onopang'ono kanayi kapena kasanu. Burashi yaing'ono imasiya mphepete yamanomano. Pali zizindikiro ziwiri zosonyeza kuti mwapyola muyeso. Timadontho tozungulira ta pa nsalu timayamba kutalika ngati mazira, ndipo zinthu zowongoka za kumbuyo zimapindika. Kumbuyo kwa amayi aja kunali zitsulo za pawindo, ndipo pa chithunzi cha m'fuleme chija chitsulo chimodzi chinali chokhota pafupi ndi mutu. Kuti zisandichitikire, mutuwo ndinaudula kuuika pa leya yake, windo linatsala pansi losakhudzidwa.

Pali pempho lomwe ndimakana ngakhale ndalama ili patebulo. Chitambala chikatsika n'kuphimba nsidze kapena theka la chipumi, ena amati tichikweze. Chipumi chimenecho kamera sinachione. Ndikachikweza ndiye kuti ndikupeka khungu, nsidze ndi pomwe tsitsi layambira, ndipo zida zatsopano zodzaza malo zokha zimapeka mosavuta kwambiri. Ngati pali chithunzi china cha tsiku lomwelo, pa kuwala komweko, nditha kubwerekako. Ngati palibe ndimauza mwini chithunzi kuti chikhale momwemo.

Anzanga ena amati kasitomala akalipira amafuna kuona kusintha, ndipo chithunzi chosalala chonse ndicho chimamusonyeza kuti ndalama yake yagwira ntchito. Ndikuwamva, lendi ya shopu siyembekeza. Koma ine ndimaonetsa kasitomala pa kompyuta, ndikuzimitsa ndi kuyatsa maleya, aone yekha mizere ya m'chikwama ikusowa ndi kolala ikugona. Ndimachitanso zimenezi chithunzi chili pa 100%, kenako nditachichepetsa kufika pa kukula kwa foni, chifukwa madontho a kusita kopyola muyeso amaonekera bwino patali kusiyana ndi pafupi.

Mayi uja anabweranso Lachisanu ndi mng'ono wake. Tinatsegula fuleme, kuchotsa chithunzi chakale n'kuika chatsopano. Mng'onoyo anaika chala pagalasi, pa mfundo ya kuseri kwa khutu, ndipo anafunsa ngati tingasindikizenso makope awiri, lina lipite ku Katete kwa malume awo.