Inu a pachipatala, lekani kungoti "yasamulani" basi

Ana anga a ku ma helefi senta a kuno ku Kasungu, ndakalambira pa ntchitoyi, ndiye ndiloleni ndikudzudzuleni. Munthu akadandaula chilonda cha m'kamwa, mumangosuzumira muli chikhalire pampando, n'kumulembera amokisilini. Kuyeza n'kumeneko?

Anandipeza bambo wina wa ku esiteti ya fodya, wosuta chingambwe, kachasu osamusiya. M'buku mwake munali amokisilini katatu, jivi kawiri, m'miyezi inayi. Palibe amene anagwirapo lilime lake. Nditalikoka ndinapeza chilonda m'mbali, chakumbuyo kufupi ndi mano otafunira, m'mphepete mwake motukuka, cholimba ngati mbatata yosapsa. M'khosi munali kale mwanabere wouma, wosasuntha. Khansa inali itapita patali.

Ntchito yoyeza m'kamwa siitenga mphindi zisanu. Sambani, valani magolovesi, tengani tochi, ngakhale ya foni. Yambani kunja: onani nkhope ndi milomo, kenako imani kumbuyo kwa wodwala, papasani pansi pa chibwano ndi khosi mbali zonse ziwiri. Ngati ali ndi mano oikirira, avule. Tembenuzani milomo, tambasulani tsaya lililonse, onani nkhama. Agogo ena amaika fodya wopera kuseri kwa mlomo wam'munsi, ndipo sanena mukapanda kufunsa, ndiye yang'anani pomwe amaikapo.

Tsopano lilime, pamene ambiri mumalephera. Khansa siikonda pamwamba pamene mumayang'anapo. Imabisala m'mbali ndi pansi. Ligwireni kunsonga ndi gozi, likokereni kumanja, muone mbali yonse mpaka kumbuyo, kenako kumanzere. Wodwala akweze lilime muone pansi pake. Mukatero ikani chala chimodzi m'kamwa pansi pa lilime, dzanja linalo pansi pa chibwano, mufinye pang'onopang'ono. Chotupa chimene diso laphonya, chala chimachipeza. Malizani ndi kumwamba kwa m'kamwa ndi kukhosi. Kumwambako mukaona banga lofiirira modera, ganizirani khansa ya Kaposi, muyeze HIV.

Banga loyera lipukuteni ndi gozi. Likachoka n'kusiya pofiira, kawirikawiri ndi mafangasi, perekani mankhwala ndipo abwerenso mudzaone. Likakana kuchoka, kapena ndi banga lofiira losadziwika chiyambi chake, musalisekerere. Musamati poti sakumva kuwawa ndiye palibe kanthu, chifukwa khansa yoyamba kumene nthawi zambiri siipweteka.

Chilonda wamba chimapola pasanathe masabata awiri. Chikafika masabata atatu chilipobe, lekani kusinthasintha mankhwala. Lembani pomwe chili, kukula kwake m'masentimita, ndi tsiku limene chinayamba, mutumize munthuyo kwa a mano ku chipatala cha boma, kuti akadulepo kanyama kokayeza, kaya konko kaya ku Kamuzu Central. Maso anu ndi anga sangatsimikize khansa. Ndipo tengani nambala ya m'bale wake, chifukwa nthawi yosoka fodya ambiri kalata yowatumizirayo amangoipinda n'kuika m'thumba.