Chaputala chounika kafukufuku wa nyimbo ndi kukumbukira: yalani mkangano, osati mayina

Maganizo anga kwa inu amene mukulemba disetesheni ya digiri yoyamba pa saikoloje ya nyimbo ndi awa: chaputala chounika zomwe ena adafufuza kale chimawonongeka musanalembe n'chiganizo chimodzi chomwe, pa nthawi yosankha mutu. "Nyimbo ndi kukumbukira" si mutu umodzi ayi. Muli nkhani zosachepera zinayi: kukumbukira nyimbo yeniyeniyo, nyimbo kukukumbutsa za moyo wako wakale, nyimbo kuthandiza kuloweza mawu, ndi nyimbo yolira chapansipansi uku munthu akuwerenga. Mukazithira mumphika umodzi, mudzapezeka mukutsutsanitsa Janata ndi anzake a mu 2007, omwe ankaona zikumbukiro zomwe nyimbo zotchuka zimadzutsa, ndi Salamé ndi Baddeley a mu 1989, omwe adapeza kuti nyimbo ya mawu imasokoneza kusunga manambala m'mutu kwa kanthawi kuposa ya zoimbira zokha. Anthuwa sakutsutsana, ankayeza zinthu zosiyana.

Sankhani imodzi. Tiyeni titenge yachitatu: kodi mawu oimbidwa amalowezeka msanga kuposa olankhulidwa? Ngati chaputala chanu ndi cha mawu 2,000, ndingagawe chonchi: 250 kufotokoza mtundu wa kukumbukira womwe mukunena ndi kutchula nkhani zomwe mwazisiya, 350 pa chiphunzitso chomwe mwatsamira, 1,000 pa mkangano wa ofufuza, 400 pa mpata womwe watsala ndi funso lanu. Pofunafuna mu PsycINFO, nkhokwe ya mapepala a kafukufuku wa saikoloje, mangani mawu motere ndipo lembani tsiku lomwe mwafufuza:

```
(song OR melody OR sung) AND ("verbal memory" OR "text recall")
```

Musanayambe kulemba, jambulani tebulo. Pepala lililonse likhale ndi mzere wake: ndani adayesedwa ndipo anali angati, adamva chiyani, kangati, nyimboyo ankaidziwa kale kapena ayi, adayesedwa pobwereza mawu pamtima kapena pongozindikira zomwe adamvapo, ndipo padapita nthawi yotalika bwanji. Mapepala 20 kapena 25 owerengedwa mpaka gawo la njira aposa 60 owerengedwa chidule chokha.

Tebulolo ndilo likupatseni mitu ya ndime. Taonani. Wallace mu 1994 adapeza kuti mawu oimbidwa amakumbukika bwino pamene mavesi atatu aimbidwa m'maimbidwe amodzimodzi obwerezabwereza; pa vesi limodzi lokha, kapena vesi lililonse likakhala ndi maimbidwe akeake, phindulo lidasowa. Kilgour, Jakobson ndi Cuddy mu 2000 adaona kuti kuimba kumatenga nthawi yaitali kuposa kulankhula, ndipo atafananitsa liwiro la ziwirizi, kuimba sikudapambanenso. Racette ndi Peretz mu 2007 adaphunzitsa anthu nyimbo zachilendo mzere ndi mzere, ndipo obwereza moimba adakumbukira mawu ochepa kuposa obwereza molankhula.

Wolemba mothamanga amapatsa aliyense ndime yake, "Wallace adapeza chakuti, Kilgour adapeza chakuti", n'kutseka ndi mawu akuti zotsatira n'zosiyanasiyana. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa yankho lili m'manja mwake kale. Ndime yoyamba ikhale ya kubwereza kwa maimbidwe, yachiwiri ya liwiro, yachitatu ya mtolo wophunzira mawu ndi maimbidwe achilendo nthawi imodzi. Wallace aoneke m'ndime zonse zitatu ngati akufunika. Chiganizo chotsegulira ndime chikhale chanu, chonena mfundo, monga "Phindu la kuimba limadalira kuti womvera wayamba wazolowera maimbidwewo", kenako ofufuza abwere ngati mboni. Muyezo wake ndi wapafupi: werengani ziganizo zoyamba zokha za ndime zonse. Zikayamba ndi dzina ndi chaka, mwalemba kaundula.

Nkhani ziwiri zimakonda kulowerera zosaitanidwa. Kafukufuku wa Rauscher ndi anzake wa mu 1993 wa nyimbo ya Mozart ankayeza luso loganiza za maonekedwe a zinthu, osati kuloweza mawu, musiyeni kunja. Za matenda a Alzheimer, omwe amafooketsa kukumbukira, nazo zimakoka mtima, koma lowetsani zokhazo zoyeza chinthu chanu, monga Simmons-Stern ndi anzake mu 2010, omwe adapeza kuti odwala adazindikira bwino mawu omwe adawamva oimbidwa, pomwe kwa okalamba athanzi panalibe kusiyana. Nenani poyera kuti kumeneko kudali kuzindikira, osati kubwereza pamtima.

Mpata musautchule kuti "kafukufuku ndi wochepa". Uchokere m'tebulo. Wallace ndi Kilgour adagwiritsa ntchito Chingerezi, Racette ndi Peretz Chifalansa, zinenero zomwe kukweza kapena kutsitsa mawu sikusintha tanthauzo la liwu monga m'Chichewa, momwe "mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa pamsika amasiyana kamvekedwe. Kodi maimbidwe otsutsana ndi kamvekedwe ka liwu amathandiza kuloweza kapena amasokoneza? Limenelo ndi funso loyezeka, ndipo chaputala cha njira chiyambire pomwepo: liwiro lofanana, mavesi atatu, maimbidwe awiri.