Dzina la nsalu silikwana ngati simunatchule kukula kwa mabokosi ake

Maganizo anga ndi akuti munthu akauza telala kapena wogulitsa nsalu kuti akufuna ging'amu, puledi, haunzitufu kapena pezile, wangonena theka la zimene akufuna. Theka linalo ndi muyezo, ndiko kuti chithunzi cha pansaluyo chimatenga masentimita angati chisanayambe kudzibwereza. Ambiri timangoti "ya mabokosi" kapena "ya maluwamaluwa", ndipo amene aphunzira mayina enieni amaganiza kuti nkhani yathera pomwepo, chonsecho nsalu ziwiri za dzina limodzi zikhoza kutulutsa zovala zosiyana kotheratu, china cha ku ofesi, china cha ku phwando.

Ging'amu ndiye wosavuta kumuzindikira. Woluka amatenga ulusi woyera ndi ulusi wa mtundu umodzi, mwachitsanzo wofiira, n'kuuika m'mizere yofanana m'lifupi, mizere ina yoyenda m'litali mwa nsalu, ina yopingasa. Zotsatira zake ndi mabokosi a mitundu itatu ngakhale ulusi uli wa mitundu iwiri yokha: pamene woyera wakumana ndi woyera pamakhala poyera, pamene wofiira wakumana ndi wofiira pamakhala pofiira kwambiri, ndipo pamene awiriwa adutsana pamakhala pofiirira. Ging'amu wa mabokosi a mamilimita 3 akasokedwa malaya amavalidwa ndi taye popanda wodabwa, chifukwa munthu akaima patali pang'ono amangoona malaya ofiirira. Wa mamilimita 6 amakumbutsa madiresi a ana asukulu. Akafika masentimita awiri ndi theka, maganizo a woona amapita pa nsalu yoyala patebulo. Mukakulitsanso mabokosiwo n'kuika ulusi wakuda m'malo mwa woyera, mumapeza malaya ofiira ndi akuda amene ku America amadziwika ndi odula mitengo ndi alenje. Kalukidwe n'komweko, koma palibe amene angalowe nawo mu msonkhano wa akuluakulu a banki.

Haunzitufu ndiye amaonetsa bwino chifukwa chake kukula kumasintha zinthu chonchi, ndiye ndikhalapo pang'ono. Dzinali limanena za dzino la galu, chifukwa mabokosi ake ali ndi timano tosongoka m'makona. Timanoti sitijambulidwa ayi, timabadwa m'kalukidwe. Woluka amaika ulusi unayi wakuda kenako unayi woyera, mobwerezabwereza, m'litali ndi mopingasa momwe, ndipo ulusi uliwonse wopingasa umadutsa pamwamba pa iwiri ndi pansi pa iwiri, uku mzere wotsatira ukusuntha ndi ulusi umodzi. Kusunthaku n'kumene kumakoka makona a bokosi kuti asongoke. Motero chithunzi chonse chimatha pa ulusi 8, ndipo kukula kwake kumadalira kunenepa kwa ulusiwo. Ngati nsalu ya suti ili ndi ulusi 24 pa sentimita imodzi, chithunzicho chimakhala cha mamilimita atatu ndi pang'ono. Ngati ndi ubweya wa nkhosa wonenepa wa jekete la m'nyengo yozizira, wa ulusi unayi pa sentimita, chithunzi chomwecho chimafika masentimita awiri.

Tsono diso la munthu lili ndi malire. Munthu woona bwino akaima pa mtunda wa mamita atatu amasiyanitsa tinthu ta pafupifupi milimita imodzi, ndipo pa mamita khumi amasiyanitsa ta mamilimita atatu okha. Pa suti ya haunzitufu wamng'ono uja, kachigawo kakuda kapena koyera ndi ka milimita imodzi ndi theka basi, choncho munthu amene ali kumapeto kwa chipinda saona mano, amaona suti yotuwa. Chithunzicho chimaonekera kwa yekhayo amene wabwera kudzapereka moni wa padzanja. Jekete la mano a masentimita awiri lilibe pobisala, limaoneka kuchokera tsidya lina la msewu, ndipo anthu amayamba aona jeketelo asanaone nkhope ya mwini wake. Ine sindikuti lina ndi labwino kuposa linzake, koma wogula ayenera kudziwa kuti akufuna kuonedwa kuchokera pati. Pali chenjezo limodzi kwa owerenga nkhani pa wailesi ya kanema, alaliki amene mapemphero awo amajambulidwa, ndi aliyense wokhala pa misonkhano ya pa kanema: haunzitufu wamng'ono wakuda ndi woyera amalimbana ndi timadontho ta m'kamera, ndipo chovalacho chimaoneka ngati chikuchita mafunde kapena kuthwanima. Musanagule, jambulani nsaluyo ndi foni mutaima mamita awiri kapena atatu, n'kusuntha foniyo pang'onopang'ono. Mafundewo akaoneka pamenepo, akhoza kudzaonekanso pa kanema.

Kukula sikugwira ntchito kokha. Mano aakulu a buluu wakuda pa nsalu yakuda amakhala chete kuposa mano apakatikati akuda pa nsalu yoyera, chifukwa mitundu ikayandikana diso limaisakaniza msanga. Choncho pofunsa muyezo, funsaninso kuti mitunduyo yatalikirana bwanji.

Puledi ndi dzina lalikulu la nsalu za mizere yopingasana ya mitundu ingapo ndi m'lifupi mosiyanasiyana. Wotchuka kwambiri ndi tatani wa ku Scotland, amene boma la Britain linaletsa amuna a kumapiri a dzikolo kuvala zovala zake zachikhalidwe mu 1746, lamulo limene linachotsedwa mu 1782. Oluka a kumeneko amalemba chithunzi cha tatani ngati mndandanda wa chiwerengero cha ulusi wa mtundu uliwonse, ndipo amadziwa kuti tatani mmodzi amalukidwa m'miyezo yosiyana malinga ndi ntchito yake. Wa siketi imene amuna a ku Scotland amavala nthawi zambiri chithunzi chake chimakhala cha masentimita 15 kapena kuposerapo, pamene wa taye amachepetsedwa, popeza taye wa masentimita 8 m'lifupi sangaonetse chithunzi chachikulu chonse, angangoonetsa chibenthu chake.

Apa ndi pamene muyezo umafika m'thumba la wogula. Tiyerekeze kuti mukufuna malaya a manja aatali, ndipo telala wanena kuti pa nsalu ya masentimita 112 m'lifupi pakufunika mamita awiri ndi theka. Muyezo umenewo ndi wa nsalu yopanda chithunzi. Mukabweretsa puledi wodzibwereza pa masentimita 12, telala wosamala ayenera kuonetsetsa kuti mizere yopingasa yakumana pa mabatani, pa misoko ya m'mbali ndi pa thumba, ndiponso kuti manja awiri afanana. Kuti zimenezi zitheke, chidutswa chilichonse chachikulu chiyenera kuyambira pa mzere womwewo wa chithunzi, ndipo nsalu yotsala pakati imatayika. Ngati zidutswazo zayalidwa m'magawo atatu, kutsogolo, kumbuyo ndi manja, gawo lililonse likhoza kutaya mpaka masentimita 12, kutanthauza masentimita 36 oonjezera, ndiye kuti gulani mamita atatu. Pa ging'amu wa mabokosi a mamilimita 6, amene amadzibwereza pa mamilimita 12, kuonjezera komweko sikufika masentimita anayi, ndipo palibe chifukwa choonjezera ndalama. Ndaona malaya ambiri amene mzere wa kumanja watsika chala chimodzi poyerekeza ndi wa kumanzere, ndipo mlandu umagwera telala, pamene nthawi zina wolakwa ndi mwini nsalu amene anakana kuonjezera theka la mita.

Palinso mayeso awiri ochita m'sitolo momwemo. Loyamba, pindani nsaluyo pakati pa bokosi lalikulu, m'litali kenako mopingasa, muone ngati mizere ya mbali ziwirizo ikugwirizana. Ikapanda kugwirizana, puledi ameneyo ali ndi kumutu ndi kumiyendo, ndipo zidutswa zonse ziyenera kudulidwa zitaloza mbali imodzi, zomwe zimadyanso nsalu. Lachiwiri, tembenuzani nsaluyo. Mabokosi olukidwa amaoneka mbali zonse ziwiri, pamene odindidwa amakhala otumbuluka kumbuyo. Odindidwa nthawi zina amakhala atapendama poyerekeza ndi ulusi wa nsaluyo, ndipo telala amakakamizika kusankha pakati pa kutsata mzere kapena kutsata ulusi. Pa mabokosi aang'ono kupendamako sikuoneka kwenikweni, koma pa aakulu mpendero wa siketi umaulula zonse.

Pezile ndi wosiyana ndi atatuwa chifukwa sachokera ku mizere yopingasana. Ndi chithunzi cha dontho lopindika kumutu, chimene ku India anthu ambiri amachitcha dzina la mango osapsa. Chinachokera ku Persia, chinatchuka pa mashawelo a ku Kashmir, ndipo dzina limene tikugwiritsa ntchito ndi la tauni ya Paisley pafupi ndi Glasgow, kumene oluka ankapanga mashawelo otsanzira amenewo mochuluka m'zaka za m'ma 1800. Pa taye kapena kansalu ka m'thumba la jekete, dontho la sentimita imodzi kapena awiri limaoneka patali ngati madonthomadontho wamba. Dontho la masentimita 15 lodzaza ndi timaluwa m'kati limafuna malo aakulu opanda misoko, monga siketi yaitali, shawelo kapena katani. Azimayi amene amasoketsa zitenje za zithunzi zazikulu amalidziwa kale vutoli: duwa limene limakongola chitenje chili chotambasula limadulidwa pakati likafika pa bulauzi ya misoko yambiri, kapena limagwera pamalo pamene mwini wake sakadafuna kuti maso a anthu azipita. Pezile wamkulu amafuna kuti inu ndi telala mugwirizane pamene dontho lililonse likhale lumo lisanakhudze nsalu.

Muyezo womwewu ndi umene umathandiza povala zithunzi ziwiri nthawi imodzi. Malaya a ging'amu wa mamilimita 3 ndi jekete la haunzitufu wa mamilimita 3 zimasokoneza maso chifukwa palibe chimene chikugonjera chinzake. Malaya omwewo ndi taye wa pezile wa masentimita atatu zimayenda bwino, makamaka ngati mtundu wa m'malaya ukupezekanso penapake m'tayeyo. Lamulo langa ndi lakuti chithunzi chachikulu chikule mwina katatu kuposa chaching'ono, ngakhale ili ndi diso langa chabe, osati lamulo la oluka.

Ogula pa intaneti kapena otuma abale akunja ndi amene amavutika kwambiri, chifukwa chithunzi cha pa foni sichinena kukula. Mukalemba gingham, plaid, houndstooth kapena paisley pofufuza, mudzaona nsalu yojambulidwa pafupi kwambiri, ndipo mano a mamilimita atatu ndi a masentimita atatu amaoneka ofanana. Pemphani wogulitsa kuti ayale tepi ya telala pa nsaluyo n'kuijambula, ndipo ajambulenso kachiwiri ataima mamita atatu. Pa kaunjika, pamene majekete a ubweya oterewa amapezeka ambiri nyengo yozizira ikayandikira, muuzeni mnzanu anyamule jeketelo, inu mubwerere m'mbuyo masitepe asanu musanayambe kunenerera mtengo.