Banja linatha mopweteka, koma foni ya bwenzi latsopano isiyeni

Munthu amene banja lake linatha chifukwa chonamizidwa sakulakwa akamachita mantha m'chibwenzi chatsopano. Koma manthawo sakumupatsa chilolezo chofufuza mufoni ya mnzakeyo. Ndikudziwa kuti ena mundikwiyira, makamaka inu amene munagwira zibwenzi zamseri za mwamuna kapena mkazi wanu kudzera mufoni momwemo. Mukuti, ndikanapanda kuyang'ana bwenzi ndikupusitsidwabe mpaka lero. Ndikukumvetsani. Koma tamvani kaye zimene kufufuzako kumachita kwa munthu amene sanakulakwireni.

Tiyerekeze mayi wina. Mwamuna wake woyamba foni ikalira ankatuluka kukayankhira panja, akabwera n'kuivundikira patebulo. Mayiyo akafunsa, yankho linali lakuti ndiwe wansanje, mutu wako sukuyenda bwino. Patapita nthawi zinadziwika kuti kunali mkazi wina, banja n'kutha. Tsopano mayiyu wapeza bambo wina wodekha, ndipo akhala pachibwenzi miyezi ingapo. Madzulo ena akucheza, foni ya bamboyo yalira, iye wadzuka n'kutuluka nayo panja. Pompo mtima wa mayi uja wayamba kugunda kwambiri, m'manja mwatuluka thukuta, m'mimba mwatentha. Sanaganize kaye. Thupi lake linaphunzira kalekale kuti mwamuna akatuluka ndi foni, chotsatira ndi misozi, ndipo thupi silisiyanitsa kuti uyu ndi munthu wina. Mpaka pamenepa palibe chimene mayiyu walakwa.

Vuto likuyamba usiku, bamboyo akapita kosamba, iye n'kutenga foni ija. Sapezamo kanthu, mtima ukhala pansi. Koma ukhala pansi kwa masiku ochepa chabe, chifukwa chimene waphunzira si chakuti bamboyu ndi wokhulupirika. Waphunzira kuti mtendere umabwera akayang'ana. Mantha akadzabweranso adzafuna kuyang'ananso, ndipo ulendo uno kusapeza kanthu sikudzamukhutiritsa, adzati wafufuta. Apa ndiye pondimvetsa chisoni kwambiri: palibe umboni umene bamboyu angapereke woti ungakwanire, chifukwa mlandu umene akuzengedwa si wake.

Nayenso bamboyo sangokhala. Akazindikira kuti uthenga uliwonse wochokera kwa mkazi, kaya ndi wakuntchito kaya ndi msuweni wake, umabutsa mafunso a usiku wonse, amayamba kufufuta mauthenga osalakwika kuti pasakhale mkangano. Tsiku lina mayi uja atulukira kuti pali zofufutidwa, n'kuti ndinadziwa ine, amuna ndinu amodzimodzi. Kubisa kumene ankakuopa kuja kwabweradi, koma kwabadwa m'kufufuza komweko. Sindikuti bamboyo wachita bwino kufufuta, ayi. Ndikungoti umu ndi mmene anthu awiri osafunirana zoipa amafikira posakhulupirirana.

Nanga mayiyu akanatani madzulo aja? Choyamba, asalankhule mtima ukugundabe choncho. Adikire mpaka kupuma kubwerere m'malo, ngakhale zitatanthauza kuti nkhaniyo ikambidwe mawa. Ali kudikira, adzifunse kuti, kodi chimene ndaona ndi maso anga n'chiyani, nanga chimene ndawonjezera ndekha n'chiyani? Chimene waona n'chakuti munthu watuluka ndi foni kwa mphindi zisanu. Zoti akulankhula ndi mkazi wina, zoti akumunyoza kumbali, zoti chibwenzi chatha, zonsezo zachokera kubanja lakale.

Kenako anene, koma anene za iye mwini. Pali kusiyana kwakukulu pakati pa kufunsa kuti, “Mumalankhula ndi ndani panja paja?” ndi kunena kuti, “Dzulo mutatuluka ndi foni ndinachita mantha kwambiri. Bambo amene ndinasiyana nawo ankachita choncho pamene ankandinamiza. Sindikuti inuyo mwalakwa, koma ndimafuna mudziwe chimene chimandichitikira.” Mawu oyambawo amamuika munthu pamlandu, ndipo aliyense woikidwa pamlandu amayamba kudziteteza. Achiwiriwo amamupatsa mpata wothandiza.

Akatero apemphe chinthu chimodzi chooneka, chimene mnzakeyo angakwanitse osadzimva kuti ali m'ndende. Mwachitsanzo: “Mukafuna kukayankhira panja, muzingondiuza kuti ndi zakuntchito kapena ndi achibale, basi.” Ili ndi pempho, chifukwa bamboyo angathe kuvomera, kukana, kapena kunena kuti tiyeni tichite mwakuti. Koma kunena kuti mundipatse pasiwedi, musamacheze ndi akazi, muzinditumizira chithunzi cha pamene muli, amenewo ndi malamulo. Njira yodziwira ndi yosavuta: ngati mnzanu atakana mumusiya masiku atatu osamulankhula, chimene munanenacho silinali pempho. Ndipo kukhala chete kumeneko, kuyankha kuti palibe vuto nkhope ili gwa, nakonso n'kulanga, ngakhale kuti sikumveka phokoso.

Ena afunsa kuti, bwanji ngati mantha anga akunena zoona? Funsoli ndi lofunika, chifukwa munthu amene anauzidwa kwa zaka kuti ndi wansanje chabe amafika posadzikhulupirira, ndipo sindikufuna kuti wina achoke pano akuganiza kuti kukayikira kulikonse ndi matenda ake. Mantha ochokera kumbuyo amadzuka mwadzidzidzi pa kanthu kakang'ono kofanana ndi zakale, amakula kuposa chimene chachitika, ndipo amachepa mukakambirana modekha. Chizindikiro chenicheni chimaoneka mosiyana. Nkhani imasintha: dzulo anati anali kuntchito, lero akuti anali kwa mchimwene wake. Funso laulemu limayankhidwa ndi ukali kapena chipongwe. Zimene munamuuza za banja lanu lakale amazisandutsa chida, n'kumati n'chifukwa chake anakusiya. Zoterezi mumaziona popanda kugwira foni ya munthu, ndipo zikabwerezedwa, mlandu umenewo ndi wakedi. Muli ndi ufulu wochoka.

Kwa inu amene mukukondana ndi munthu wovulala chonchi, mawu akuti “ine si uja” ndi oona koma sachiritsa. Chimene chimathandiza ndi kuchita zimene mwanena, mobwerezabwereza: mwati mufika 7 koloko, fikani, ndipo mukaona kuti muchedwa imbani nthawiyo isanakwane. Koma musavomere kupereka foni kuti izifufuzidwa tsiku ndi tsiku poganiza kuti mukuonetsa chikondi. Mukatero mukudyetsa mantha omwewo, ndipo inunso mudzatopa n'kuyamba kusunga chakukhosi.

Pali malire a zimene bwenzi angachite. Ngati m'banja lakale munkamenyedwa kapena kuopsezedwa, ngati tulo sitibwera, mukulota zakale, kapena mukudzidzimuka munthu akangokweza mawu, zimenezo zimafuna mlangizi wodziwa za maganizo, osati bwenzi yekha. Mnzanuyo angathe kukuperekezani ndi kukudikirani panja, koma ntchito imeneyo singamuthekere yekha, ngakhale atakukondani chotani.